Mphete, nthochi ndi zenga: zimene dontho la magazi limaonetsa pa maikulosikopu

Dontho la magazi lotengedwa pa chala likapakidwa pa kagalasi, n'kuuma, n'kuthiridwa utoto, limatha kuonetsa matenda awiri amene onse amagwira maselo ofiira a magazi, malungo ndi sikoselo. Pa malungo, selo limakhala litalowedwa ndi kachilombo kochokera kwa udzudzu. Pa sikoselo mulibe kachilombo kalikonse, koma selo lenilenilo ndi limene lapindika chifukwa cha chibadwa cha munthuyo. Woyeza magazi amafufuza zinthu ziwirizi mosiyana, ndipo njira imene imaonetsa bwino tizilombo ta malungo ndi yomweyo imene imafafaniza umboni wa sikoselo.

Selo lofiira labwinobwino ndi lozungulira, lophwatalala, ndipo pakati pake ndi poloŵa pang'ono mbali zonse ziwiri. Kukula kwake ndi mamaikulomita 7 kapena 8, kutanthauza kuti maselo oposa 120 atandandalikidwa mumzere angakwane milimita imodzi yokha. Likathiridwa utoto limaoneka lapinki, m'mbali mwake mofiirirapo, pakati potuwa. Mkati mwake simukhala kadontho kalikonse. Ichi ndicho poyambira pa ntchito yonse: chilichonse chooneka mkati mwa selo lofiira, kapena selo lililonse losazungulira, chimafuna kufotokozedwa. Kuti zimenezi zioneke, maikulosikopu imakulitsa chinthu ka 1,000, ndipo pagalasi pamadonthezedwa mafuta apadera kuti kuwala kusamwazike pakati pa magaziwo ndi diso la makina.

Magazi amapakidwa m'njira ziwiri, nthawi zambiri pa kagalasi kamodzi. Chopaka chokhuthala chimapangidwa posonkhezera timadontho tiwiri kapena titatu mozungulira mpaka patakhala bwalo lotambalala pafupifupi sentimita imodzi. Kukhuthala koyenera n'kwakuti zilembo za nyuzipepala zizioneka movutikira pansi pake magazi asanaume. Chopaka chopyapyala chimapangidwa pokankha kadontho kamodzi ndi m'mphepete mwa kagalasi kena mpaka magazi atayalana n'kuthera ngati lilime, ndipo chakumapeto kwake maselo amagona lililonse palokha, osasanjikizana.

Kusiyana kwakukulu kumabwera pothira utoto. Chopyapyala chimayamba chaviikidwa mu metanolo, amene amaumitsa maselo mmene alili n'kuwamatiza pagalasi. Chokhuthala sichikhudzidwa ndi metanolo, mwadala. Madzi a mu utoto akachifika, maselo ofiira amaphulika, kufiira kwawo n'kukokoloka, ndipo pagalasi pamatsala maselo oyera, mapulatileti ndi tizilombo basi. Popeza magazi a m'chokhuthala ndi osanjikizana, bwalo limodzi looneka pa maikulosikopu limakhala ndi magazi ochuluka kuwirikiza ka 20 kapena kuposa poyerekeza ndi bwalo la m'chopyapyala. N'chifukwa chake funso lakuti malungo alimo kapena mulibe limayankhidwa ndi chokhuthala. Koma maselo ofiira akaphulika, maonekedwe awo amapita nawo. Mwana wa sikoselo akhoza kuyezedwa malungo kambirimbiri ndi chopaka chokhuthala chokha, popanda wina kuona selo lopindika ngakhale limodzi.

Utoto wodziwika kwambiri ndi wa Giemsa, dzina la katswiri wa ku Germany amene anaukonza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Pa ntchito yachangu umasungunulidwa gawo limodzi pa magawo 10 n'kukhala pagalasi mphindi 10. Pa ntchito yofatsa umasungunulidwa magawo atatu pa 100 n'kukhala mphindi 45 mpaka 60. M'malabotale otanganidwa amagwiritsanso ntchito utoto wa Field, umene umatha m'masekondi ochepa pa chopaka chokhuthala. Madzi osungunulira Giemsa amafunika akhale pa pH 7.2. Akakhala ndi asidi wochulukirapo, galasi lonse limafiira ndipo thupi la kachilombo silioneka; akapendekera mbali inayo, zonse zimada buluu ndipo kadontho kofiira ka kachilombo kamabisika.

Mitundu iwiriyi, kufiira ndi buluu, ndiyo chizindikiro cha kachilombo ka malungo. Phata lake limatenga mtundu wofiira wopita ku pepo, thupi lake limatenga buluu. Kachilombo kakakula pamaonjezeka chachitatu, timibulu takhofi kapena takuda. Timibuluti ndi zotsalira za himogulobini imene kachilomboko kadya, ndipo sitichokera ku utoto. Ndi timeneti tinathandiza Alphonse Laveran, dokotala wa asilikali a ku France, kuzindikira tizilombo ta malungo m'magazi osathira utoto ku Algeria m'chaka cha 1880. Woyeza wosamala satchula chinthu kuti ndi kachilombo chisanaonetse ziwiri mwa zitatuzi. Kadontho kofiira kokhakokha si umboni.

Ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique malungo ambiri amayamba ndi mtundu wa falisipalamu. Kachilombo kake kakangolowa m'selo kamaoneka ngati mphete: kamzere kopyapyala kabuluu kozungulira, pakati poyera, ndi kadontho kofiira pambali. Mpheteyi ndi yaing'ono, siposa gawo limodzi mwa magawo atatu a kutambalala kwa selo. Pali zizolowezi zingapo zimene zimaulula falisipalamu. Mphete zina zimakhala ndi timadontho tiwiri m'malo mwa kamodzi. Selo limodzi likhoza kukhala ndi mphete ziwiri kapena zitatu. Zina zimamatirira m'mphepete mwenimweni mwa selo, n'kumaoneka ngati kamzere kabuluu kokhala ndi kadontho, osati mphete yathunthu. Ndipo selo logwidwalo silitupa. Limafanana kukula ndi anzake oyandikana nawo. M'chopaka chokhuthala, mmene mulibenso selo lozungulira kachilombo, mphete zambiri zimaoneka zoduka, kadontho kofiira ndi kamchira kabuluu pambali pake.

Chodabwitsa pa falisipalamu ndi zimene sizioneka. Kachilomboka kamatenga maola pafupifupi 48 kuti kakule m'selo, kagawikane, selo liphulike, ana ake alowe m'maselo ena. Koma pagalasi nthawi zambiri pamangooneka mphete zokhazokha. Pofika pakati pa ulendowu, selo logwidwa limamera timabampu pakhungu lake n'kukakamira m'timitsempha ting'onoting'ono ta mu ubongo, m'matumbo, kapena m'nsengwa mwa mayi woyembekezera, ndipo silizunguliranso ndi magazi. Dontho la pa chala limangoonetsa tizilombo timene tikuyendabe. Munthu akhoza kudwala kwambiri pamene galasi likuonetsa tizilombo tochepa, ndipo n'chifukwa chake kuyeza kumabwerezedwa pakapita maola angapo ngati zizindikiro zikulozabe ku malungo. Tizilombo tokhwima, tonenepa, tokhala ndi mulu wa timibulu takuda, tikayamba kuoneka tambiri m'magazi a pa chala, ndiye kuti obisala ndi ochuluka zedi. Chimodzimodzinso maselo oyera akaoneka atameza timibulu takudato.

Mitundu ina imaoneka mwa apo ndi apo, nthawi zina pamodzi ndi falisipalamu. Wa malariye umakonda kuyala thupi lake ngati lamba wodutsa pakati pa selo, ndipo ukagawikana ana ake, kawirikawiri 8, amazungulira mulu wa timibulu. Wa ovale umatupitsa selo pang'ono, kulitalikitsa ngati dzira, mbali ina n'kukhala yamanomano, ndipo selolo limadzaza timadontho tapinki. Wa vivakisi ndi wosowa m'chigawo chino cha Africa. Kusiyanitsa mitunduyi kumatheka bwino pa chopyapyala, chifukwa umboni wambiri uli pa selo lenilenilo.

Falisipalamu ali ndi maonekedwe ena amodzi amene sasokonekera ndi mtundu wina uliwonse wa malungo. Tizilombo tina sitigawikana, koma timasanduka tatimuna ndi tatikazi todikira kuyamwidwa ndi udzudzu. Timeneti timatchedwa magametosaiti, ndipo timaoneka patapita masiku pafupifupi 10 kuchokera pamene mphete zinayamba kuoneka. Gametosaiti ya falisipalamu ndi yaitali kuposa selo lofiira, yokhota ngati nthochi, nsonga zake zobulungira. Thupi lake ndi labuluu kapena lapepo, ndipo pakati pake pamakhala phata lofiira lozunguliridwa ndi timibulu takuda. Nthawi zina kumimba kwa nthochiyo kumaoneka kamzere kotuwa kokhota, kamene ndi khungu lotsala la selo limene kachilomboko kanakuliramo. Magametosaiti sadwalitsa munthu, ndipo akhoza kutsala m'magazi kwa masabata munthu atamaliza LA. Akapezeka okhaokha, popanda mphete, malungo sangaimbidwe mlandu wa kutentha thupi kwa tsiku limenelo. Chifukwa chake chifufuzidwe kwina.

Chinthu china chokhota chimene chimaoneka pa galasi la magazi ndi selo la sikoselo. Chinalembedwa koyamba m'mabuku a zachipatala m'chaka cha 1910, pamene James Herrick wa ku Chicago anafotokoza maselo aatali opindika m'magazi a mnyamata wa ku Grenada amene ankaphunzira udokotala wa mano. Gwero lake lili mu himogulobini, chinthu chofiira chimene chimanyamula okosijeni m'selo. Mwa munthu wa sikoselo, kachidutswa kamodzi kokha ka himogulobini kamakhala kosinthika, ndipo mtundu umenewu umalembedwa kuti HbS. Ikakhala ndi okosijeni imasungunuka bwinobwino. Ikangotula okosijeni, tizigawo take timalumikizana n'kupanga timitengo tolimba timene timakankha khungu la selo kuchokera mkati. Selo likabwerera ku mapapo limawongoka, koma likapindika ndi kuwongoka kambirimbiri khungu lake limawonongeka, madzi amatuluka, ndipo limauma lili chipindikire. Maselo opindika amene amaoneka pagalasi ndi amenewa makamaka, chifukwa ena aja amawongoka magazi akangokhudzana ndi mpweya popaka.

Selo lotere limaoneka lalitali, lowonda, lokhota ngati zenga lomwetera udzu, ndipo nsonga zake zonse ziwiri ndi zosongoka. Mtundu wake ndi wofiirira mofanana paliponse, wakuda kuposa maselo ena, wopanda potuwa pakati paja. Ena sakhota kwenikweni koma amakhala onenepa pakati ndi osongoka kunsonga, ngati bwato. Kuchuluka kwawo kumasiyana munthu ndi munthu: wina amakhala nawo ambiri m'bwalo lililonse, wina amafunika kufufuzidwa. Kuchulukaku sikunena kuti ululu wa tsiku limenelo ndi waukulu bwanji.

Apa ndiye pamene gametosaiti ndi selo la sikoselo zimasiyanirana, ngakhale zonse ndi zokhota. Choyamba kuyang'ana ndi nsonga, ngati zili zobulungira kapena zosongoka. Kenako mtundu: gametosaiti imapendekera ku buluu, selo la sikoselo limakhala la mtundu wa maselo ofiira anzake. Chomaliza, chimene chimathetsa mkangano, ndi pakati pake. Gametosaiti ili ndi timibulu takuda ndi phata lofiira. Selo la sikoselo mkati mwake ndi mosalala. Palinso umboni wa malo: chinthu chokhota chokhala ndi timibulu chikaoneka m'chopaka chokhuthala, mmene maselo ofiira anaphulika kale, n'chachidziwikire kuti ndi gametosaiti.

Maselo opindika sabwera okha, ndipo woyeza wozolowera amazindikira sikoselo poona anzake oyenda nawo. Selo lofiira labwino limakhala masiku pafupifupi 120, pamene la sikoselo limatha m'masiku 10 mpaka 20. Mafupa amakakamizika kupanga maselo atsopano mothamanga n'kuwatulutsa asanakhwime. Osakhwimawa amaoneka aakulu, otuwira ku buluu, ndipo ena amatuluka akadali ndi phata lawo lakuda lozungulira, limene selo lofiira limayenera kutaya lisanachoke m'fupa. Pamaonekanso maselo okhala ndi banga lofiira pakatikati pa malo otuwa aja. Ndiye pali timadontho ta Howell-Jolly, kachidutswa ka phata kotsalira m'selo, kozungulira bwino, kosalala, kapepo wakuda. Mwa munthu wabwinobwino kapamba amachotsa timadonthoti. Mwa mwana wa sikoselo kapamba amawonongeka msanga chifukwa maselo opindika amatseka timitsempha take, choncho timadonthoti timangoyenda m'magazi. Tikaoneka, ndi uthenga kwa dokotala wakuti chitetezo cha mwanayo ku mabakiteriya ena chafooka.

Timadontho ta Howell-Jolly ndi msampha waukulu poyeza malungo mwa mwana wa sikoselo, chifukwa timakhala mkati mwa selo ndipo timafanana ndi phata la mphete. Kusiyana kwake n'kwakuti tilibe thupi labuluu, ndipo kawirikawiri ndi tonenepa ndi takuda kuposa phata la kachilombo. Sitiphulika ndi madzi, motero timatsalanso m'chopaka chokhuthala, pamodzi ndi timaulusi tabuluu totsalira m'maselo osakhwima. Kadontho kakagwera pafupi ndi kaulusi koteroko, diso lotopa limaona mphete pamene palibe. Msampha wina ndi pulatileti yogona pamwamba pa selo lofiira. Imeneyi imakhala yamibulumibulu, yopanda malire ooneka bwino, ndipo imazunguliridwa ndi kamkombero koyera. Zinyalala za utoto wosasefa zimamwazika paliponse, pamaselo ndi pamipata pomwe, ndipo woyeza akapotoza pang'ono chowongolera zimaoneka kuti zili pamwamba, osati mkati mwa selo.

Mmene zonsezi zimakumanirana zimaoneka pa chitsanzo cha mwana wa zaka zinayi wobwera ndi kutentha thupi, zikhatho zoyera ndi maso achikasu. Pa chopaka chokhuthala mwapezeka mphete zenizeni, chilichonse ndi kadontho kofiira ndi thupi labuluu. Woyeza amawerenga tizilombo ndi maselo oyera nthawi imodzi mpaka maselo oyera atakwana 200. Tinene kuti tizilombo tapezeka 240. Pakakhala kuti chiwerengero chenicheni cha maselo oyera sichikudziwika, amatenga 8,000 ngati chiwerengero cha maselo oyera m'maikulolita imodzi ya magazi. Ndiye 240 kuchulukitsa ndi 8,000, kugawa ndi 200, yankho ndi tizilombo 9,600 pa maikulolita. M'zipatala zambiri zotsatira zimalembedwa ndi mapulasi, kuyambira + pamene tizilombo ndi 1 mpaka 10 m'mabwalo 100, kufika ++++ pamene tiposa 10 m'bwalo limodzi. Njirayi ndi yachangu koma ndi yongoyerekeza.

Woyeza akasunthira ku chopaka chopyapyala cha mwana yemweyo, nkhani imakula. Mphete zili m'maselo osatupa, zina ziwiriziwiri, kutsimikiza falisipalamu. Koma pakati pawo pali maselo osongoka mbali zonse, maselo aakulu otuwira ku buluu, ena okhala ndi phata, ndi timadontho ta Howell-Jolly. Izi zikusintha tanthauzo la chiwerengero chija. Ana a sikoselo amakhala ndi maselo oyera ochuluka ngakhale asakudwala, ndipo maselo ofiira okhala ndi phata amaoneka ngati maselo oyera m'chopaka chokhuthala. Ngati makina owerengera magazi apeza 16,000 m'malo mwa 8,000, tizilombo ta mwanayo ndi 19,200 pa maikulolita, kuwirikiza kawiri chiwerengero choyamba. Ndiponso kuchepa kwa magazi kwake sikuchokera ku malungo okha. Mwana amene magazi ake ndi ochepa kale amatha kufika pangozi ndi tizilombo timene mwana wina akanapirira.

Kuti galasi linenedwe kuti lilibe malungo, pamafunika kuyang'ana mabwalo osachepera 100 a chopaka chokhuthala. Katswiri wofatsa amatha kupeza tizilombo ngakhale tili 5 kapena 10 pa maikulolita, koma pa ntchito ya tsiku ndi tsiku tizilombo tochepera 50 kapena 100 timaphonyeka kawirikawiri. Zolakwika zambiri zimayambira pa kupaka. Chokhuthala chikaumitsidwa pa dzuwa kapena pafupi ndi moto, kapena nthunzi ya metanolo ikachifika, maselo ofiira saphulikanso ndipo tizilombo timabisika m'mulu wakuda. Chikathiridwa utoto chisanaume chimakokoloka. Ntchentche ndi nyerere zimadya magazi osavundikira n'kusiya mabowo. Chopyapyala chikauma pang'onopang'ono m'nyengo ya chinyezi, kapena metanolo akalowa madzi, maselo amakhala ndi timabowo tonyezimira tofanana ndi mphete. Kukankha kagalasi mwamphamvu kumatalikitsa maselo, koma otalika mwa njira imeneyi onse amaloza mbali imodzi ndipo nsonga zawo ndi zobuntha, pamene maselo a sikoselo amaloza uku ndi uku.

Chithunzi chojambulidwa pa maikulosikopu, kaya ndi kamera yake kaya ndi foni yogunditsidwa pa diso la makina, chimasunga zochepa kuposa zimene woyeza amaona. Woyeza amapotoza chowongolera mosalekeza kuti aone ngati kadontho kali mkati mwa selo kapena pamwamba, pamene chithunzi chimagwira mlingo umodzi wokha. Foni imasinthanso mitundu yokha, ndipo nyale yachikasu imazimitsa buluu amene kuzindikira kachilombo kumadalira. Zithunzi za m'mabuku zimasankhidwa chifukwa ndi zoyera bwino. Bwalo la tsiku ndi tsiku limakhala ndi zinyalala. Ndipo bwalo limodzi lopanda kachilombo silinena kanthu za mabwalo 99 otsalawo.

Pa sikoselo, galasi limangoloza, silitsimikiza. Munthu amene anatengera HbS kwa kholo limodzi lokha, amene zotsatira zake zimalembedwa AS, amakhala ndi magazi ooneka abwinobwino pagalasi. Anthu oterewa ndi otetezeka kwambiri ku malungo oopsa, monga Anthony Allison anasonyezera kum'mawa kwa Africa m'chaka cha 1954, koma akhoza kupezekabe ndi mphete m'maselo awo. Khanda la SS losakwana miyezi isanu ndi umodzi likhoza kusaonetsa maselo opindika, chifukwa likadali ndi himogulobini ya m'mimba imene imaletsa timitengo tija kupangika. Mwana amene wangoikidwa magazi amakhala ndi maselo a wopereka osakanikirana ndi ake. Pali kuyeza kwina kumene dontho la magazi limasakanizidwa ndi mankhwala ochotsa okosijeni, n'kuvundikiridwa ndi kagalasi komata m'mbali kuti mpweya usalowe. Maselo okhala ndi HbS amapindika, ambiri pasanathe ola. Koma amapindika mwa AS ndi mwa SS momwe, choncho kuyezaku sikulekanitsa wonyamula chabe ndi wodwala. Kulekanitsako kumafuna kuyeza mtundu wa himogulobini yeniyeniyo, pogwiritsa ntchito makina oilekanitsa ndi mphamvu ya magetsi kapena tizipangizo tachangu toyezera sikoselo, ndipo mwa mwana amene waikidwa magazi kumadikira miyezi itatu kuti maselo a wopereka ayambe atha.